Mmene ndinaphwasulira lipoti la mayi wodwala likodzo kuti lilowe m'magawo a magazini ya zachipatala

Lipoti langa loyamba linali la masamba asanu, lopanda mutu waung'ono ngakhale umodzi. Ndinalilemba monga ndimafotokozera anzanga pa msonkhano wa m'mawa kuchipatala: mayi wa zaka 34 wa m'mbali mwa nyanja, wotaya magazi akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, woyezedwa khomo la chiberekero ndi viniga n'kuoneka ngati ali ndi khansa, kenako kanyama komwe tinatapa n'kuonetsa mazira a likodzo. Yankho ndinalibisa mpaka tsamba lachinayi. Dokotala wamkulu yemwe ankandiyang'anira atawerenga anati, "Nkhani ndi yabwino, koma akonzi sakufuna kudabwitsidwa. Gawani."

Ndinayamba ndi kutsegula malangizo a olemba a magazini yomwe ndinkafuna, pambali pake ndi mndandanda wa CARE, womwe unatuluka mu 2013 ndipo uli ndi mfundo 13 zomwe lipoti la wodwala mmodzi liyenera kukhala nazo. Magazini zimasiyana pa mayina a magawo. BMJ Case Reports imafuna gawo lakelake la matenda ena omwe munawaganizira ndiponso mfundo zochepa zophunzirapo kumapeto, pamene zina zimaphatikiza zonse za wodwala pansi pa mutu umodzi. Ine ndinatsegula fayilo yatsopano n'kulemba mitu yokhayokha:

```
Title
Abstract
Keywords
Introduction
Case presentation
Discussion
Conclusion
Patient perspective
Consent
References
```

Ntchito yeniyeni inali yosankhula ziganizo ngati mmene timasankhulira nyemba. Ndinasindikiza lipoti lakale lija, ndipo pa chiganizo chilichonse ndinkadzifunsa funso limodzi: kodi ichi ndinachiona kapena kuchiyeza pa mayiyu, kapena ndi maganizo anga? Zoona ndi zoyeza zimapita ku Case presentation, maganizo ku Discussion. Pomveka pophweka, koma ziganizo zambiri zinali ndi zonse ziwiri. Chimodzi chinkati pa khomo la chiberekero panali timadontho tachikasu tooneka ngati mchenga, tomwe tikanayenera kutikumbutsa za likodzo popeza mayiyu amachapa kunyanja tsiku lililonse. Ndinachidula patatu. Timadontho ndinatiika pa zomwe tinapeza pomuyeza. Kuchapa kunyanja kunapita pa mbiri ya wodwala, pamodzi ndi zoti alibe kachilombo ka HIV ndiponso kuti ali ndi ana atatu. Mawu oti "tikanayenera kukumbukira" anadikira ku Discussion, komwe ndi kwawo.

Mkati mwa Case presentation ndinatsata dongosolo la CARE: wodwala ndi ndani ndipo anabwera ndi chiyani, zomwe tinapeza m'thupi, zoyeza ndi matenda omwe tinaganizira, chithandizo, kenako zotsatira. Apa m'pamene mipata inayamba kuonekera. Pa chithandizo ndinali nditangolemba kuti anapatsidwa prazikwantelo. Wowerenga wa kutali sangachite nazo kanthu zimenezo. Ndinabwerera ku fayilo ya wodwala n'kupeza kuti ankalemera makilogalamu 60, ndipo pa muyezo wa mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse anamwa mamiligalamu 2,400 kamodzi, omwe ndi mapiritsi anayi a mamiligalamu 600. Pa zoyeza ndinali nditasiyanso dala zoti mumkodzo simunapezeke mazira, poganiza kuti zifooketsa nkhani yanga. Kusiya kumeneko kunali kulakwa. Likodzo la kumaliseche kwa amayi limatha kukhalapo mkodzo usakuonetsa mazira, ndiye zotsatira zimenezo n'zomwe mnzanga wa kuchipatala chaching'ono akufunika kudziwa.

Chomwe chinandithandiza koposa ndi tebulo la nthawi, lomwe poyamba ndinkaliona ngati chokongoletsera. Nditaika zochitika mu mzere, ndinaona kuti tsamba lachiwiri likuti zotsatira za kanyama zinabwera patapita masabata atatu, pomwe tsamba lachinayi likuti mwezi ndi theka. Buku la ku labotale linatsimikiza kuti anali masabata asanu ndi limodzi. M'tebulomo sindinalembe madeti enieni. Tsiku lomwe mayiyu anafika ndinalitcha tsiku 0, ndipo zina zonse ndinawerengera kuchokera pamenepo. Ndinachotsanso dzina la mudzi wake ndi ntchito ya mwamuna wake, chifukwa m'dera laling'ono zinthu ziwiri zimenezi zikwanira kuti anthu amudziwe. Pa chithunzi cha pa maikulosikopu panali nambala ya wodwala pakona. Ndinaidula, n'kulemba pansi pake mtundu wa utoto womwe anapaka kanyamako, kukula kwa chithunzi, ndi muvi woloza dzira lokhala ndi kaminga kunsonga, komwe ndi chizindikiro cha Schistosoma haematobium, nyongolotsi yoyambitsa likodzoli.

Introduction yanga inali ndime zinayi zofotokoza moyo wonse wa nyongolotsi ya likodzo, kuchokera mu nkhono mpaka m'mitsempha ya munthu. Ndinaisiya ndime imodzi yonena kuti likodzo la kumaliseche limafanana ndi khansa kapena matenda opatsirana pogonana, ndiponso chifukwa chomwe nkhani ya mayiyu ikuyenera kuwerengedwa. Ku Discussion ndinayerekeza ndi zomwe ena analemba kale, ndipo ndinavomera malire a nkhaniyi poyera: tinamuonanso kamodzi kokha patapita miyezi itatu, magazi anali atasiya, koma timadontho tija tinali tikadalipo. Mankhwalawa amapha nyongolotsi, koma mazira omwe anakhazikika kale m'thupi amatha kutsalira. Mawu oti "anachira" ndinawachotsa. Ndinachotsanso chiganizo chonena kuti amayi ambiri oganiziridwa khansa kunyanja amakhala ndi likodzo, chifukwa wodwala mmodzi sangakuuzeni za ambiri.

Kusuntha ndime kunasokoneza manambala a mabuku omwe ndinatchula. M'kalembedwe ka Vancouver manambala amatsata malo omwe buku latchulidwa koyamba, ndiye lomwe linali 7 linakhala 2. Ndinakonza ndi manja madzulo onse. Ndikanayamba ndi Zotero, pulogalamu ya pa kompyuta yosanja mabuku otchulidwa, ikanachita yokha.

Abstract ndinailemba pomalizira, popeza sungafupikitse chinthu chomwe sichinakhazikike. Yankho lomwe ndinkabisa lija linalowa m'menemo mosabisa, komanso pa mutu weniweni, womwe CARE imafuna kuti utchule matendawo ndi mawu oti case report. Mawu ofufuzira imafuna akhale awiri mpaka asanu. Ine ndinaika anayi.

Magawo awiri anatsala opanda kanthu, ndipo sakanadzazidwa ndili pa kompyuta. Chilolezo chomwe mayiyu anasaina chinali cha kutapa kanyama, osati cha kusindikiza nkhani yake, ndipo magazini zimafuna chachiwirichi cholembedwa. Nditamuitana kuti abwere kuchipatala, ndinamufotokozera m'Chichewa zomwe zalembedwa, ndinamuonetsa zithunzi, ndipo ndinamuuza kuti dzina lake silidzaoneka koma aliyense pa intaneti adzatha kuwerenga, ndiponso kuti akakana chithandizo chake sichisintha. Anapempha kuti akakambirane kaye kunyumba. Anabweranso sabata yotsatira n'kusaina.

Pa Patient perspective ndinamufunsa kuti, "Mayi, pa zonsezi chinakuvutani kwambiri n'chiyani?" Sanatchule magazi. Anatchula masabata asanu ndi limodzi aja, omwe anakhala akuganiza kuti ali ndi khansa ndipo anayamba kukonza za yemwe adzalere ana ake. Mawu akewo ndinawamasulira m'ziganizo zitatu, ndinamuwerengeranso kuti avomereze, n'kuwaika pansi pa mutu wawo ndisanatumize lipotilo kwa akonzi.