Chifukwa chake mwayi wa zotsatira zitatu umapitirira 100 peresenti

Mtima wanga wakhala m'malo tsopano pa nkhani ya maodzi a mpira, makamaka pa funso limene linkandivutitsa kwambiri: ngati masewera angathe mwa njira zitatu zokha, kupambana kwa eni bwalo, kufanana mphamvu, kapena kupambana kwa alendo, n'chifukwa chiyani mwayi wa zitatuzi ukaphatikizidwa sukwana 100 peresenti ndendende koma umapitirira? Msika wobetcha pa zotsatira zitatuzi umatchedwa 1X2, ndipo odzi ya desimo ndi nambala yosonyeza ndalama zonse zimene munthu amalandira pa kwacha iliyonse imene wabetcha akapambana.

Tiyerekeze kuti kampani yobetchetsa yaika 2.10 pa eni bwalo, 3.40 pa kufanana mphamvu ndi 3.60 pa alendo. Njira yodziwika ndi yogawa 1 ndi nambala iliyonse, ndipo timapeza 0.4762, 0.2941 ndi 0.2778. Tikaphatikiza, yankho ndi 1.0481, kapena 104.81 peresenti. Pamenepa ndi pamene ndinkaima, chifukwa lamulo loyamba la masamu a mwayi limanena kuti zotsatira zimene sizingachitikire limodzi, komanso zimene chimodzi mwa izo chiyenera kuchitika basi, zimakwana 1.

Zinthu zinatseguka nditasiya kuona manambala atatuwa ngati mwayi n'kuyamba kuwaona ngati mitengo. Funso lake ndi lakuti: ndiyenera kuika ndalama zingati pa chotsatira chilichonse kuti chikachitika ndilandire K1,000? Pa eni bwalo ndiyenera kuika pafupifupi K476, chifukwa 476 kuchulukitsa ndi 2.10 ikupereka pafupifupi 1,000. Pa kufanana mphamvu ndiika K294, ndipo pa alendo K278. Munthu amene wagula matikiti onse atatu sangalephere kulandira K1,000, masewera atha bwanji atha bwanji, koma watulutsa m'thumba K1,048. Ndalama zokwana K48 zimene sizibwerera ndizo phindu la kampani, ndipo zamwazidwa m'mitengo yonse itatu mwakuti poyang'ana odzi imodzi payokha sizioneka. Choncho 0.4762 si mwayi weniweni wa eni bwalo, koma ndi mtengo wa tikiti yolipira 1, umene uli ndi mwayi komanso kagawo ka phindu mkati mwake.

Kaganizidwe kameneka kakusiyanitsanso manambala awiri amene amasokonezedwa kawirikawiri. Kupitirira kwa 4.81 peresenti kukuyezedwa poyerekeza ndi K1,000 yolandiridwa. Koma gawo limene kampani ingasunge pa ndalama zonse zobetchedwa, ngati anthu abetcha molingana ndi mitengoyo, ndi 48 pa 1,048, imene ndi pafupifupi 4.6 peresenti. Kusiyanako n'kochepa pano, koma kumakula pamene phindu la kampani likukula.

Ntchito yotsala ndi yochotsa phindulo kuti manambala akwane 1. Njira imene ndaikonda ndi yogawa nambala iliyonse ndi chiwerengero cha zonse zitatu kuti tipeze mwayi, p:

```
p = (1/odzi) / 1.0481
```

Eni bwalo akutsika kufika pa 45.4 peresenti, kufanana mphamvu pa 28.1, ndipo alendo pa 26.5, zonse pamodzi 100. Tikatembenuza manambalawa, maodzi opanda phindu la kampani akanakhala pafupifupi 2.20, 3.56 ndi 3.77. Kwa ine palibe njira ina yoposa imeneyi pa kumveka bwino: imatheka ndi kakyuleta ya pafoni, siingatulutse mwayi wochepera 0, ndipo imagwira ntchito chimodzimodzi kaya zotsatira zili ziwiri, zitatu kapena makumi awiri. Ndimaona kuti wophunzira amene waigwira bwino wamaliza gawo lalikulu la mutu wonse.

Chiwerengero cha zitatuzi chimathandizanso kugwira zolakwika. Ngati maodzi onse achokera ku kampani imodzi pa nthawi imodzi, chiyenera kupitirira 1 pang'ono. Chikatuluka 0.754 m'chitsanzo chathu, ndiye kuti kufanana mphamvu kwaiwalika, ndipo ameneyu ndi msampha wa anthu ozolowera masewera a zotsatira ziwiri monga tenesi, amene amapeza mwayi wa alendo pochotsa mwayi wa eni bwalo ku 1. Chikakwera kwambiri, n'kutheka kuti maodzi a ku Britain awerengedwa ngati a desimo. Odzi ya 11/10 si 1.10 koma 2.10, chifukwa kalembedwe kameneka kamasonyeza phindu lokha popanda ndalama imene munthu anaika, ndipo mwayi wake ndi 10 kugawa ndi 21. Tisaiwalenso kuti msika wa 1X2 umatha pa mphindi 90 ndi nthawi yowonjezera ya ovulala, kotero m'masewera a chikho kufanana mphamvu kulipobe ngakhale timu ina idzapambane pa mapenate.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'kalasi zonsezi zinaperekedwa ngati mizere iwiri ya pabolodi: gawani 1 ndi odzi, kenako gawani ndi chiwerengero chonse. Aphunzitsi athu anathamangira ku mutu wotsatira chifukwa silabasi inali itawatsalira, ndipo palibe amene anafunsa kuti kugawa kwachiwiriko kukutanthauza chiyani. Chitsanzo cha matikiti atatu sichikanawadyera nthawi yambiri, koma chikanasintha lamulo loloweza kukhala chinthu chomveka.

Komabe njira yangayi ili ndi lingaliro lobisika limene ndinaliona nditachulukitsa mwayi uliwonse ndi odzi yake. Tikachulukitsa 0.4543 ndi 2.10 tipeza 0.954, tikachulukitsa 0.2806 ndi 3.40 tipeza 0.954, ndipo 0.2650 ndi 3.60 ikuperekanso 0.954. Kunena kwina, njirayi imangoganiza kuti kampani imadula gawo lofanana pa kwacha iliyonse, kaya yaikidwa pa timu yamphamvu kapena yofooka. Ofufuza misika ya kubetcha anapeza kalekale kuti nthawi zambiri sizikhala choncho: maodzi akuluakulu a mbali yofooka amabweza zochepa kwa obetcha kuposa maodzi aang'ono a mbali yamphamvu, zimene zikusonyeza kuti phindu lambiri limaikidwa ku mbali yofookayo.

M'masewera a matimu oyandikira mphamvu nkhaniyi siivuta kwenikweni. Njira ina, yochotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a kupitirirako pa nambala iliyonse, ikupereka 46.0, 27.8 ndi 26.2 m'chitsanzo chathu, manambala osatalikirana ndi anga. Koma tiyese 1.25, 6.00 ndi 11.00, amene chiwerengero chawo ndi 1.0576. Njira yogawa ikupereka 75.6, 15.8 ndi 8.6, pamene njira yochotsa ikupereka 78.1, 14.7 ndi 7.2. Pa timu yofooka, 8.6 akutanthauza odzi yachilungamo ya pafupifupi 11.6, pamene 7.2 akutanthauza pafupifupi 13.9, ndipo kusiyana kotereku sikungangonyalanyazidwa. Palinso njira ya Hyun Song Shin, katswiri wa zachuma amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anafotokoza kuti kampani imadziteteza kwa obetcha ena odziwa zamkati, ndipo nayonso imatsitsa mwayi wa mbali yofooka kuposa mmene njira yogawa imachitira.

Maodzi atatu paokha sangandiuze njira yolondola, chifukwa njira zonsezi zimakwana 100 peresenti, ndipo masewera amodzi sangatsimikizire ngati 8.6 kapena 7.2 ndiye anali pafupi ndi zoona. Pangafunike kusonkhanitsa masewera ochuluka a maodzi ofanana ndi amenewa n'kuwerenga kuti mbali yofooka inapambana kangati. Pakadali pano ndikugwiritsabe njira yogawa pa masewera oyandikira mphamvu, koma sindinatsimikize kuti odzi ya timu yofooka ikakwera kufika pati ndiyenera kuisiya njirayi.