Umboni wanga unatsala pang'ono kumangitsa apolisi

Ine ndine munthu wodziwa kulemba, ndipo pamisonkhano anthu akamafuna mlembi maso onse amagwera pa ine. Choncho wapolisi wina atafuula pamphambano paja kuti, "Alipo waona mmene ngoziyi yachitikira?" dzanja langa linakwera lokha ndisanalitume. Lole inali itagunda galimoto yaing'ono yofiira pakati penipeni pa mphambano ya misewu inayi, pa maloboti, nthawi yoweruka kuntchito. Mwamwayi palibe anamwalira, koma magalasi anali mbwee pamsewu, mahutala akulira mbali zonse, ndipo aliyense anali atasanduka woweruza milandu. Anandilemba dzina n'kundiuza kuti ndikafike kupolisi m'mawa mwake kukapereka sitetimenti.

Usiku umenewo sindinagone msanga. Ndinati anthu awa asavutike n'kundifunsa, ndiwalembere ndekha zonse. Ndinadzaza masamba atatu, kuyambira ndi mawu akuti, "Linali tsiku lachisoni limene dzuwa lenilenilo linachita manyazi." Mkati mwake ndinafotokoza kuti dalaivala wa lole, yemwe anali ataledzera, anadutsa loboti yofiira pa liwiro la makilomita 120 pa ola, n'kugunda galimoto yosalakwa mbali yakumanja. Kumapeto ndinaika nambala ya lole, imene ndinailemba pachikhatho pamalo a ngozi. Nditawerenga ndinadzimvera nsanje ndekha.

Amene anandilandira anali mayi wapolisi wamagalasi, wodekha ngati mphunzitsi amene wawerenga kale mayankho olakwa ambirimbiri. Anawerenga masamba onse atatu osanena kanthu, kenaka anatenga pepala lopanda kanthu n'kujambulapo mtanda.

"Bambo, iyi ndi mphambano ija. Inu munaima pati?"

Apa ndinazindikira kuti m'masamba atatu aja dzuwa linalimo, chisoni chinalimo, koma ine munalibe. Ndinaloza pakona ya kummwera chakumadzulo, pafupi ndi polo ya magetsi, pomwe ndinkadikira kuwoloka nditayang'ana kumpoto. Anafunsa mtunda wochoka pamenepo kukafika pomwe galimoto zinagundana, ndipo titayerekeza ndi kutalika kwa khonde la ofesiyo tinapeza mamita ngati 15. Anafunsanso ngati panali chonditchinga, ngati kunali kowala, ngati kunkagwa mvula, ndiponso ngati ndimavala magalasi. Anati wowerenga sitetimenti, kaya ndi wofufuza, wa inshuwalansi kapena woweruza, pamalopo panalibe, ndiye asanakhulupirire zimene ndinaona amafuna adziwe kaye ngati pomwe ndinaimapo munthu angazionedi.

Nthawi ndinali nditalemba kuti "chakumadzulo ndithu". Anandiuza kuti nditulutse foni ndione ngati ndinaimbira munthu ngoziyo itangochitika. N'zoona, ndinaimbira mayi a kunyumba kuwauza kuti ndaona zoopsa, ndipo foni inasonyeza 5:12 madzulo. Tinalemba kuti ngozi inachitika mphindi ziwiri kapena zitatu nthawi imeneyi isanakwane, n'kutchulanso kuti nthawiyo ndaitenga pafoni.

Kenaka tinafika pa loboti, pomwe ndinkadzidalira kwambiri.

"Mwati lole inadutsa pa yofiira. Yofiirayo munaiona ndi maso anu?"

"Ndi awiri onsewa, bwana."

"Inali loboti iti? Ndilozereni pamtandapa."

Ndinaloza loboti imene inali patsogolo panga, yoyang'ana kummwera. Mayiwo anachotsa magalasi n'kundiyang'ana mwachifundo. Anati lole inkachokera kum'mawa kupita kumadzulo, ndipo loboti yolamula lole inali yoyang'ana kum'mawa, moti ine pamene ndinaima ndikanangoona m'mbali mwake basi. Yofiira imene ndinaiona inali yoimitsa galimoto za mumsewu wochokera kummwera, umene ine ndinaima m'mphepete mwake. Ndipo pamphambano yotere msewu umodzi ukaimitsidwa, nthawi zambiri amakhala kuti wopingasa nawo ndiye wapatsidwa mpata.

Ndinati, "Ndiye kuti lole inali pa yobiriwira! Tilembe zimenezo, bwana."

"Ayinso, bambo. Yobiriwirayo simunaione. Mwina panali muvi wolola okhota, mwina loboti inali itangosintha kumene. Mmene magetsiwo amasinthanirana tikaona ife. Inu mulembe kuti loboti yoyang'ana kummwera inali yofiira, ndipo yoyang'ana kum'mawa simunkatha kuiona."

Pamphindi imodzi ndinali nditamumanga dalaivala wa lole n'kumumasulanso, zonsezo ndisanaone loboti yake.

Za mbali imene inagundidwa sanatsutsane nane m'pang'ono pomwe, anangondipempha kuti tituluke panja pomwe anaimika galimoto yofiira ija. Mbali yakumanja inali yosalala bwinobwino, yoti munthu n'kudziyang'anirapo nkhope. Yakumanzere ndiye inali itapindikira mkati, chitseko chakutsogolo chitalowa mpaka pampando. Ndinayamba kuganiza kuti mwina usiku asintha galimoto. Koma nkhani yake inali yakuti galimotoyo inkachokera kumadzulo n'kukhotera kummwera, kudula njira ya lole, ndiye pogundidwa inali itayang'ana kwa ine. Chimene chinali kumanja kwanga chinali kumanzere kwake. Mayiwo anati mbali za galimoto zimatchulidwa monga akuonera munthu wokhala pachiwongolero, ndipo ngati mutu ukuzungulira, ndi bwino kungoti mbali ya dalaivala kapena mbali ya wokwera. Komwe galimoto ikuchokera n'kumene ikupita kutchulidwe ndi dzina la msewu kapena kum'mawa ndi kumadzulo, chifukwa kumanja kwa mboni kumasintha mboniyo ikangotembenuka. Anandiletsanso kulemba kuti "inagunda inzake", poti pamsewu pali galimoto ziwiri wowerenga sadziwa inzakeyo ndi iti. Kuyambira pamenepo inakhala "lole yoyera" ndi "galimoto yofiira" m'chiganizo chilichonse, ngakhale kuti khutu langa la mlembi linkadandaula ndi kubwerezabwerezako.

Titabwerera mkati anafika pa 120 uja.

"Munali ndi makina oyezera liwiro?"

"Ayi bwana, koma phokoso lake linali la 120."

Sanaseke. Anafunsa kuti lole ndinayamba kuiona ili pati. Nditaganiza bwino, maso anga anali pa galimoto yofiira imene inayamba kukhota, kenaka ndinamva kulira kwa mabuleki, ndipo m'pamene ndinatembenukira kumanja n'kuona lole ili pafupi ndi chikwangwani china, mamita ngati 25 kuchoka pakati pa mphambano. Kuchoka pamenepo kufika pa kugundana panadutsa masekondi awiri kapena kuposerapo pang'ono. Anandiwerengera papepala kuti galimoto yothamanga makilomita 120 pa ola imadutsa mamita 33 pa sekondi imodzi, pomwe ya makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14. Lole ya 120 ikanamaliza mamita 25 aja sekondi imodzi isanathe, ine khosi ndisanalitembenuze n'komwe. Koma 50 nayenso anakana kuti ndimulembe, chifukwa lole ndinaiona itayamba kale kumanga mabuleki, ndipo mmene inkathamangira isanamange sindinaone. Tinalemba mtunda, masekondi, ndi kuti mabuleki ndinawamva ndisanaione lole. Anati anthu ambiri obwera ngati mboni amatembenuka atamva kugunda, n'kuona galimoto zitaima kale, ndipo mutu umawadzazira wokha zotsalazo. Ine bola, kugundanako ndinakuona.

Kuledzera kwa dalaivala kunagwa mosavuta kuposa zonse. Sindinamuyandikire, fungo sindinalimve, botolo sindinalione. Ndinangomuona akutsika mulole akudzandira atagwira mutu, ndipo bambo wina wa chipewa pambali panga anati, "Waledzera ameneyu," gulu lonse n'kuvomera. Munthu amene wangomenyetsa mutu pagalasi amadzandiranso chimodzimodzi. Mu sitetimenti munalowa kudzandira ndi kugwira mutu, koma bambo wa chipewa anatsala panja. Zimene dalaivalayo anafuula atatsika, zoti "Wandilowera mwadzidzidzi!", zinalowa monga anazinenera, chifukwa ndinazimva ndekha kuchokera pakamwa pake. Za indiketa ya galimoto yofiira ndinkafunitsitsa kukumbukira, koma mayiwo anati ndisadzikakamize, ndingolemba kuti sindikukumbukira ngati inkayaka. Anati loya kukhoti akapeza chinthu chimodzi chongopeka amachigwiritsa ntchito kugwetsa ndi zoona zomwe.

Masamba atatu aja anasanduka theka la tsamba, ndipo mtima wake unali uwu: "Ndinaima pakona ya kummwera chakumadzulo, nditayang'ana kumpoto, mamita ngati 15 kuchoka pakati pa mphambano. Kunali kowala, msewu unali wouma, ndipo panalibe chonditchinga. Ndinaona galimoto yofiira ikuchokera kumadzulo n'kuyamba kukhotera kummwera. Ndinamva mabuleki, ndipo nditayang'ana kum'mawa ndinaona lole yoyera. Patapita masekondi ngati awiri, kutsogolo kwa lole yoyera kunagunda chitseko chakutsogolo chakumanzere cha galimoto yofiira." Pansi pake tinaika chojambula chija, chokhala ndi mivi yosonyeza komwe galimoto iliyonse inkalowera ndi kamtanda pomwe ndinaima.

Anandiuza kuti ndiwerenge zonse ndisanasaine. Pamene panalakwika liwu anati ndidule ndi mzere umodzi wokha kuti lakalelo lizionekabe, n'kusaina pambali pake, ndipo mpata wotsala pansi pa tsamba anaudula ndi mzere wopingasa kuti wina asadzawonjezerepo zake. Apa ndinakumbukira chuma changa chomaliza.

"Bwana, mwaiwala nambala ya lole. Imeneyo ndiye sindinamve kwa munthu, ndinailemba ndekha pachikhatho."

"Munailemba nthawi yanji?"

"Patapita kanthawi, anthu atachepako. Ndinazungulira kumbuyo n'kukopera."

Anaiyang'ana nambalayo nthawi yaitali, kenaka anaitana mnzake wina n'kumuonetsa. Mnzakeyo anaiwerenga, anasuzumira pawindo, anaiwerenganso, ndipo anatuluka atagwira pakamwa. Nanenso ndinasuzumira. Pabwalo panaima galimoto yoyera ya apolisi, yomwe dzulo lake inaima kumbuyo kwenikweni kwa lole kutchinga msewu, ndipo nambala yake inali yomweyo imene ndinaidula mizere iwiri kunsi patsamba lachitatu.

"Ndiye malinga ndi umboni wanu woyamba, bambo," anatero mayiwo akupukuta magalasi, "amene anadutsa pa yofiira ataledzera, pa 120, ndi amene watuluka uyu. Ndimuitane mumuzindikire?"

Ndinapempha cholembera, ndipo pamwamba pa mzere wopingasa uja panali kampata kokwana chiganizo chimodzi. Ndinalemba kuti, "Nambala ya lole yoyera sindinaiwerenge," n'kusaina.