Lachiwiri: disiki yachitatu yafa

Ndafika ku ofesi cha m'ma 7 koloko n'kupeza kanyale ka seva kakuphethira kofiira. Tiyi sindinamwe n'komwe. Ndalemba `cat /proc/mdstat`, ndipo kumapeto kwa mzere kwatuluka izi:

```
[4/3] [UU_U]
```

U aliyense ndi disiki yamoyo, kamzere kapansiko ndi maliro. Sevayi ili ndi madisiki anayi a 4 TB olumikizidwa pa RAID 5, njira yomangira madisiki pamodzi yomwe imapirira imfa ya disiki imodzi, ndiye mafayilo amatsegukabe, kungoti mwaulesi. Mayi a ku akaunti ndi amene anayamba kudandaula: "Achimwene, lero makinawa adya chiyani?"

Ndawafotokozera ndi manambala papepala. Mukalemba 5, 3 ndi 2, n'kusunga 10 pambali, nambala imodzi ikafufutika mumaipeza pochotsera. Seva simawonkhetsa chonchi, imagwiritsa ntchito XOR, koma nzeru yake ndi yomweyo, ndipo chosungidwa pambalicho timati pariti. Pa RAID 5 pariti imamwazidwa m'madisiki onse ndipo imadya malo okwana disiki imodzi, n'chifukwa chake ife timaona 12 TB osati 16. Lero kachidutswa kalikonse komwe kanali pa disiki yakufayo kamayenera kuwerengetsedwa kuchokera ku zitatu zotsalazo. Ulesi wake ndi umenewo.

Disiki yapadera inalipo m'kabati, mwayi wake. Ndisanazule yakufayo ndayang'ana nambala yake kawiri, poti kuzula yamoyo pa nthawi ngati iyi n'kudziphera wekha seva, kenaka ndaichotsa pa RAID ndi `mdadm /dev/md0 --remove /dev/sdc1`. Nditaika yatsopano n'kuigawa ngati zinzake, ndalemba:

```
mdadm /dev/md0 --add /dev/sdc1
```

Apa m'pamene mtima umakhala m'mwamba. Kuti idzaze disiki yatsopanoyo, seva iyenera kuwerenga zitatu zakalezo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, 12 TB yonse. Pa liwiro la 150 MB pa sekondi, kulemba 4 TB kumatenga maola asanu ndi awiri ndi kakuposera, ndiye ngati palibe wina akugwira seva. Nthawi yonseyi tilibe chotchinjiriza. Madisikiwa tinagula tsiku limodzi, agwira ntchito yofanana, akalamba limodzi. Ina ikafa kumangaku kusanathe, RAID 5 yathera pomwepo. Ngakhale isafe yonse, malo amodzi okanika kuwerengeka ndi okwana kusokoneza ntchito. Ndaona ndi `smartctl -A` pa disiki iliyonse, ndipo `Current_Pending_Sector`, chiwerengero cha malo okanika kuwerengeka, ili pa 0 ponse patatu. Ndapumako pang'ono.

Masana abwana andiitana. Amvapo za RAID 0, ati bwanji osangotenga 16 TB yonse, poti ndi yothamanganso. Kuthamanga imathamangadi, chifukwa madisiki anayi amawerenga ndi kulemba nthawi imodzi, koma fayilo imadulidwa n'kumwazidwa popanda chosungira. Ikanakhala imeneyo, bwenzi lero titataya zonse. Nkhaniyo yathera pomwepo.

Yomwe tinakhalitsapo ndi ya RAID 6 ndi RAID 10, chifukwa pa madisiki anayi zonse ziwiri zimapereka 8 TB ndendende. Kusiyana kuli pena. RAID 6 imasunga pariti ziwiri, choncho madisiki awiri aliwonse akhoza kufa mafayilo n'kukhalapobe. Mtengo wake ndi pa kulemba. Kusintha kachidutswa kakang'ono pa RAID 5 ndi ntchito zinayi: kuwerenga chakale, kuwerenga pariti yakale, kulemba chatsopano, kulemba pariti yatsopano. Pa RAID 6 zimakhala zisanu ndi chimodzi.

RAID 10 ilibe masamu amenewa. Madisiki amakhala awiriawiri ngati mapasa, ndipo kulemba ndi ntchito ziwiri basi. Imodzi ikafa, seva imangokopera 4 TB kuchokera kwa mnzake, enawo osawavutitsa. Koma msampha ulipo: yachiwiri kufa ikakhala mnzake yemweyo, zonse zapita. Pa zitatu zotsalazo, imodzi ndi yoopsa, ziwiri zinazo mungapulumuke.

Ine ndawauza abwana kuti kwa ife ndi RAID 6. Seva yathu imasunga makalata, zithunzi za mapepala ndi mafayilo omwe amalembedwa kamodzi n'kumangowerengedwa. Ikanakhala ya pulogalamu yomwe imalemba timizere ting'onoting'ono tsiku lonse, ngati ya malonda pa kauntala, ndikanati RAID 10 mosakayika. Anandifunsa za 4 TB yomwe titaye. Ndawaonetsa kuti tadzaza 5 TB yokha.

Anafunsanso ngati tikatero tisiye kukopera mafayilo pa disiki yakunja ija. Ayi ndithu. Munthu akafufuta fayilo molakwitsa, RAID imafufuta mokhulupirika pa madisiki onse nthawi yomweyo.

Pano ndi 6 koloko madzulo, ndipo kumanga kwafika pa 61%, poti masana anthu amaitsamira seva. Onse aweruka, liwiro lakwera. Ndatuma mlonda akandigulire chipisi pamsewu, ndikhala pano mpaka ndione `[UUUU]`.