Matani angati a ayezi angatiwolotse maola anayi a madzulo?

Mtengo wa magetsi wa ZESCO, kampani ya magetsi ya ku Zambia, womwe umasintha ndi nthawi umagawa tsiku patatu: nthawi yodula kuyambira 18:00 mpaka 22:00, yotchipa kuyambira 22:00 mpaka 06:00, ndipo masana onse ndi mtengo wapakati. Ndimayambira pamenepa chifukwa ntchito zina zimathera pomwepa. Ofesi yomwe anthu amaweruka 17:00 ilibe magetsi ambiri a madzulo oti iwasamutsire ku nthawi yotchipa. Koma hotela ina ya mu Lusaka, ya mbali ya msewu wa Great East, yokhala ndi holo ya maukwati, inkafuna kuzizira kwambiri madzulo, ndipo eni ake anandipempha kuti ndiwerenge kukula kwa thanki yosungira ayezi, kuti chila yawo ya 400 kW, makina oziziritsa madzi omwe amaziziritsa nyumba, izipanga ayezi usiku n'kumapuma nthawi yodula.

Amanijala anafuna yankho tsiku lomwelo. “Achimwene, mphamvu ya makina yalembedwa pachitsulopo, ingochulukitsani ndi maola anayi.” Ndinawauza kuti chitsulo chimanena zomwe makina angathe, osati zomwe nyumba imafuna, ndipo kutsatira chitsulo n'kugula thanki ya 1,600 kWh yomwe mwina sadzaidzaza n'komwe. Choncho mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tinamangirira mita yoyezera kuthamanga kwa madzi kunja kwa paipi yaikulu, ndi zoyezera kutentha ziwiri, china pa madzi opita, china pa obwerera. Q ndi kuzizira komwe nyumba ikufuna, m ndi kuchuluka kwa madzi oyenda pa sekondi, ndipo ΔT ndi kusiyana kwa kutentha kwa madzi opita ndi obwerera. Kuwerenga kwake n'kumeneku:

```
Q (kW) = m (kg/s) × 4.19 × ΔT (°C)
```

Madzi a malita 14 pa sekondi, opita ali pa madigiri 7 n'kubwerera ali pa 12, amatipatsa pafupifupi 293 kW. Tinasankha Loweruka lotentha lomwe holo inali yodzadza, ndipo maola anayi aja anatuluka chonchi: 300, 320, 280 ndi 220 kW. Kuphatikiza onse ndi 1,120 kWh za kuzizira. Nambala imeneyi ndiyo inanyamula ntchito yonse yotsatira.

Kilogalamu imodzi ya ayezi ikamasungunuka imameza 334 kJ, kutanthauza kuti tani imodzi imasunga pafupifupi 93 kWh. Ndiye 1,120 kWh ndi matani 12. Koma thanki siipereka zonse zomwe yasunga pa liwiro lomwe mukufuna, ndipo apa m'pamene ndinakhalitsa. Mu thanki ya mtundu womwe tinasankha, madzi osakaniza ndi gilayikolo, mankhwala oletsa madzi kuundana, amayenda m'mapaipi opindapinda, ndipo ayezi amaundana kunja kwa mapaipiwo. Posungunula, ayezi woyamba kutha ndi wokhudza paipi. Pakapita nthawi, pakati pa paipi ndi ayezi wotsala pamakhala madzi, kuzizira kumadutsa mochedwa, ndipo gilayikolo amayamba kutuluka ali wofundirapo. Thanki ikhoza kukhala ndi ayezi wambiri ndithu nthawi ya 21:30, koma alendo m'holo akudzikupiza ndi mapepala a pulogalamu.

Ndiye funso kwa wogulitsa silinali lakuti thanki yanu imasunga zingati. Ndinapempha tebulo losonyeza mphamvu yomwe imatulutsa ora lililonse, n'kufunsa ngati mu ora lachinayi ingaperekebe 220 kW gilayikolo asanapitirire madigiri 5, popeza chosinthanitsira kutentha chomwe chili pakati pa gilayikolo ndi madzi a m'nyumba chimadya madigiri ena awiri. Malinga ndi tebulolo, gawo lodalirika linali 85 peresenti. Kugawa 1,120 ndi 0.85 kunatifikitsa pa 1,320 kWh, omwe ndi matani 14 a ayezi. Kulemera kwa thanki yodzadza kumaposa pamenepo, chifukwa muli madzi osaundana, mapaipi ndi chitsulo, choncho ganizo loiika padenga linafa msanga ndipo tinaithirira konkire pansi, kuseri kwa khitchini.

Kenako panabwera funso la kudzaza. Chila ikamapanga ayezi imatulutsa gilayikolo pa madigiri 5 kapena 6 pansi pa ziro, m'malo mwa madzi a madigiri 7, ndipo mphamvu yake imatsika kufika pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Yathu ya 400 kW inasanduka ya 268 kW. Ndinalembera opanga makinawo kuti atsimikize nambalayi poganizira kuti Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, pomwe mpweya ndi wopepukirapo ndipo mafani sachotsa kutentha ngati kugombe la nyanja yamchere. Komanso hotela sigona: zipinda zimafunabe 100 kW usiku wonse. Zotsalira ayezi ndi 168 kW, ndipo pa maola asanu ndi atatu zimapanga 1,344 kWh. Zomwe tiyenera kubwezera ndi zomwe zasungunuka zokha kuphatikiza zotayika pang'ono m'makoma a thanki, tinene 1,150 kWh, ntchito ya maola pafupifupi asanu ndi awiri. Zinakwana, koma mpata wake ndi ora limodzi basi.

Ora limodzilo silinandisangalatse. Aliyense wa mu Lusaka akukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, momwe magetsi ankasowera maola ambiri pa tsiku. Magetsi akathima maola atatu usiku, thanki imalandira 840 kWh zokha, ndipo madzulo otsatira chila iyenera kudzuka nthawi yodula. Kukulitsa thanki sikuthetsa zimenezi, chifukwa vuto lili pa zodzazira. Tinagwirizana kuti makina owongolera aziloledwa kumaliza kudzaza m'mawa pa mtengo wapakati ngati pofika 06:00 thanki sinadzaze. Kupanga ayezi ndi jenereta ya dizilo ndinakaniratu. Phindu lonse lingathere m'mafuta.

Pa ndalama, anthu ambiri amasokoneza kWh za kuzizira ndi kWh za magetsi. Madzulo chila inkapereka 3 kW za kuzizira pa 1 kW ya magetsi, ndiye 1,120 kWh zija zinkadya magetsi a 373 kWh. Usiku, popanga ayezi, imapereka 2.4 zokha, ndipo 1,150 kWh zimadya 479 kWh, osawerengera mapampu. Amanijala anatulutsa maso: “Ndiye kuti tizigwiritsa ntchito magetsi ambiri kuposa kale?” Inde, bwana, mayunitsi akwera ndi pafupifupi 28 peresenti pa gawo limeneli. Phindu limabwera pokhapokha ngati yunitsi ya madzulo ikudula kuposa ya usiku ndi zochuluka kuposa pamenepo, ndipo tinatsimikiza zimenezi pa mitengo ya chaka chimenecho yovomerezedwa ndi ERB, bungwe loyang'anira mitengo ya magetsi, osati ya m'mutu.

Gawo lonona linali pa mzere wina wa bilu, wa kVA, womwe umalipiritsa kukoka magetsi kwakukulu kwambiri kwa nthawi yodula m'mwezi wonse. Kuzimitsa chila pa 320 kW kumachotsa magetsi a 107 kW, pafupifupi 119 kVA, nthawi yodula. Koma mita siiwala: madzulo amodzi okha chila ikayaka chifukwa ayezi watha, phindu la mwezi umenewo pa mzerewu lapita. Ndinayang'ananso kuti kukoka kwa usiku, chila ikugwira ndi mphamvu zonse, kusapitirire malire omwe hotela inagwirizana ndi ZESCO.

Kwa mdala woyang'anira makina ndinasiya zizindikiro ziwiri. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndiye mulingo wa madzi pa kapaipi koonekera ka pambali pa thanki umakwera molingana ndi ayezi yemwe wapangidwa. Tinalemba mzere pomwe uyenera kufika 06:00. Ukapanda kufika koma chila inadzizimitsa msanga, choyamba kuyeza ndi gilayikolo. Amayenera kukhala 25 peresenti, ndipo wina akamawonjezera madzi wamba paipi ikadontha, amasukuluka, chila n'kumadzizimitsa poopa kuundana mkati. Thanki ikamadzaza bwino koma n'kutha 21:00 isanakwane, aziyang'ana vavu yosakanizira, chifukwa ikalephera kutseka bwinobwino imadyetsa nyumba ayezi masana, nthawi yomwe chila imayenera kugwira yokha.