Mmene ndinayambira kulima kachewere ku Bembeke osaphwanya malamulo a ntchito

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Dedza, ndipo malipiro anga safika pakati pa mwezi. Nditaganiza zoyamba kena kapadera, sindinayambe ndi kufunsa chomwe chili ndi phindu lalikulu. Ndinayamba ndi kufunsa chomwe chingayende ine ndili m'kalasi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Golosale imafuna munthu pakauntala tsiku lonse. Kuphunzitsa ana a m'kalasi mwanga molipiritsa ndinakukana ndisanakuganizire nkomwe, chifukwa kumeneko n'kugulitsa ntchito yomwe boma likundilipira kale. Ndinasankha mbatata ya kachewere ya kudimba.

Ndisanagwire khasu ndinawerenga buku la malamulo a ogwira ntchito m'boma, lija timangoti MPSR. Mfundo yomwe ndinatolamo ndi yakuti nthawi ya ntchito ndi ya boma, katundu wa boma si wako, ndipo zochita zako zapadera zisalimbane ndi udindo wako. Ndinalemba kalata yopita ku ofesi ya maphunziro ya boma lathu kudzera kwa ahedi. M'kalatamo ndinatchula malo a dimba, mbewu yomwe ndidzalime, kuti ndizipitako Loweruka ndi patchuthi basi, kuti sindidzatuma mwana wa sukulu aliyense kumunda, komanso kuti sindidzagulitsa kanthu kusukulu yomwe ndimagwirako. Ahedi atawerenga anati, "Aphunzitsi, mwachita bwino kulemba. Zapakamwa zimatha ndi kusamuka kwa bwana." Anadinda, ndipo kope imodzi ndinasunga kunyumba.

Ndalama ndinabwereka ku SACCO yathu, osati kwa akatapila. Ngongoleyo amadula kumalipiro mwezi ndi mwezi, pamene mbatata imabweza kamodzi, patatha miyezi itatu kapena inayi. Choncho ndinatenga yochepa, yoti ngakhale mbewu italephera, zotsala pa malipiro zigulebe ufa ndi kulipira lendi. N'chifukwa chake ndinachita lendi kota ya ekala yokha.

Pa malo otere, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando otalikirana masentimita 30, pamalowa mbewu pafupifupi 4,500. Zinanditengera matumba anayi a makilogalamu 50. Apa ndi pomwe ndinadekha kwambiri, chifukwa mbewu ya pamsika imabwera ndi matenda ofotetsa omwe alibe mankhwala ndipo amatsalira m'nthaka. Ndinkatola mbatata zingapo m'thumba lililonse n'kuzidula pakati. Ukaona mzere wabulauni wozungulira m'kati, ndipo ukafinya pakutuluka timadzi toyera ngati mafinya, thumba lonselo lisiye. Ndinasankha zazikulu ngati dzira la nkhuku, zomwe zatulutsa kale timphukira tatifupi tolimba. Ndinafunsanso mwini dimba zomwe analimapo chaka chathacho, poti pomwe panali tomato kapena kachewere matendawa amakhala akudikira.

Ndinabzala kumapeto kwa Epulo dala, kuti kukumba kugwere mu Ogasiti sukulu zitatsekera. Feteleza wobzalira ndinathira tsiku lomwelo, wachiwiri patatha pafupifupi mwezi, n'kukwezera mizere kuti mbatata zisaonekere kudzuwa, poti zikatero zimabiriwira ndipo ogula amazikana.

Kuthirira ndiye sikudikira Loweruka. Ndinalemba bambo wina wa pamudzipo, tinagwirizana malipiro a pamwezi ndi thumba limodzi pokolola, n'kulemba m'kope pamaso pa mboni. Thumba lapamapetolo limachititsa munthu kusamala munda ngati wake. Ine ndikafika Loweruka m'mawa ndinkapisa chala m'nthaka kuti ndione ngati madzi analowadi, kenako n'kutembenuza masamba. Matenda a chiwawu amayamba ndi madontho akuda onyowa, okhala ndi nkhungu yoyera kunsi kwa tsamba, ndipo chiperoni cha kuno chikagona masiku angapo matendawa amatha kuwononga munda m'sabata imodzi. Mankhwala a Dithane amateteza chabe, sachiza, choncho tinkapopera matenda asanaoneke, sabata iliyonse kukakhala nkhungu. Tsiku lina bamboyo anaimba foni ndili m'kalasi kuti madontho ayamba. Sindinathawe ntchito. Pa nthawi yopuma ndinamutumizira ndalama pafoni kuti akagule mankhwala ena otchedwa Ridomil, ndipo anapopera madzulo omwewo.

Masamba atachita chikasu tinadula mitengo yake n'kudikira milungu iwiri kuti khungu likhwime, lisasupuke m'thumba. Tinapeza matumba oposa makumi awiri. Mavenda obwera kumunda amafuna kugula ndi matumba awo osokerera pamwamba, omwe amameza mbatata yambiri pamtengo wa thumba limodzi. Ndinakana. Zazikulu ndinapita nazo ku Lizulu pa matola olipira ndekha n'kugulitsa pandowa, zing'onozing'ono zathanzi ndinasunga pa mbewu. Ndalamazo ndinayamba ndatsekera ngongole ya ku SACCO, zotsala ndinalipiriratu lendi ya dimba lina, chifukwa pamalo oyambawo panayenera kulowa chimanga.