Avereji ya 44 ndi timadontho titatu

Sabata yatha inali yochonga mayeso ndi kulowetsa malikisi, ndipo aphunzitsi anzanga mukudziwa kale momwe imakhalira. Lolemba ndi Lachiwiri tinathera pamulu wa mapepala, kompyuta imodzi ya dipatimenti tikuchita kulandirana. Zimenezo tinazizolowera. Chimene chandilembetsa ndi msonkhano wa Lachinayi, womwe mpaka lero ukundiwawa mumtima.

Kusukulu kwathu fomu ya zotsatira ili ndi malo a nambala imodzi yokha pa kalasi, avereji. Ikapitirira 40, omwe ndi malikisi okhozera, kalasiyo sipatsidwa maphunziro owonjezera. Kalasi yanga ya masamu ili ndi ana 40 ndipo avereji inatuluka 44. Akuluakulu anaiona nati kalasi ili bwino, tipite ku ina. Ndinapempha kuti ayambe aona zithunzi ziwiri zimene ndinajambula.

Choyamba chinali histogiramu, malikisi nditawaika m'magulu a khumikhumi. Mwana mmodzi anali pa 0, kenaka panalibe aliyense mpaka pa 20. Ana 6 anali m'ma 20, ana 12 m'ma 30, ana 9 m'ma 40. Kuchokera apo mizati inkafupika pang'onopang'ono: 5, kenaka 3, kenaka 2, ndiye mmodzi m'ma 80 ndi mmodzi m'ma 90. Mzati wautali koposa unali wa 30 mpaka 39, kunsi kwa malikisi okhozera. Ana 19 mwa 40 sanakhoze.

Maonekedwe oterewa ndi aja timati malikisi apendekera kumanja. Ambiri amasokonezeka apa, chifukwa diso limathamangira kumene kwaunjikana ana, komwe ndi kumanzere. Koma dzina limatsata mchira, mbali imene mizati yaifupi yatambalala kutali. Mchira ukakhala kumanja, ndiye kuti ana ochepa anakhoza kwambiri pamene gulu latsalira m'munsi, ndipo ochepawo amakokera avereji kwawo. Midiyani, malikisi a pakati penipeni ukawandandalika kuyambira ochepa, sikokeka chotero, pakuti imangoona malo a mwana pamzere, osati kutalika kwa malikisi ake. Yathu inali 40. Choncho theka la kalasi linali pa 40 kapena kunsi kwake, pamene fomu inkanena 44.

Chithunzi chachiwiri, cha bokosi, chinkanena zomwezo mwachidule. Q1, m'mphepete mwa m'munsi mwa bokosi, inali 32, Q3, m'mphepete mwa m'mwamba, inali 52, kutanthauza kuti theka la ana, a pakati aja, lili pakati pa manambala awiriwa. Mzere wa midiyani sunali pakati pa bokosi: unatalikirana ndi m'mphepete mwa m'munsi ndi malikisi 8, koma ndi m'mphepete mwa m'mwamba ndi 12. Mzere wotuluka m'bokosi kupita kunsi unathera pa 21, wopita kumwamba unakafika pa 78. Mbali ya kumwamba ikatalika kawiri konse chonchi, m'bokosi ndi kunja komwe, sufunika kuuzidwa kumene kuli mchira.

Ndiye panali timadontho titatu toima patokha, pa 0, pa 88 ndi pa 94. Lamulo lotiika pamenepo ndi lija la John Tukey, amene anafalitsa chithunzi cha bokosi m'zaka za m'ma 1970. Utenga IQR, kusiyana kwa Q3 ndi Q1, apa 52 kuchotsa 32 ndi 20, uchulukitsa ndi 1.5, upeza 30. Malire a m'munsi akhala 32 kuchotsa 30, omwe ndi 2, a m'mwamba 52 kuphatikiza 30, omwe ndi 82. Malikisi alionse odutsa malirewo amalembedwa ngati kadontho.

Apa ndi pamene zinandiipira. Mmodzi wa akuluakulu analoza 88 ndi 94 nati, "Aphunzitsi, awiriwa anaonera. Kalasi yonse ikulephera, iwo apeza bwanji zimenezi? Achotseni, ndipo aitanidwe." Za mwana wa 0 sanafunse n'komwe. Ndinayankha kuti, "Bwana, kadontho sikanena chifukwa. Kakungotiuza kuti tikatsegule pepalalo." Anandilola monyinyirika kuti ndikafufuze, bola fomu ifike Lachisanu m'mawa.

Madzulo omwewo ndinakafufuza mapepala atatuwo. La 0 panalibe. Mwanayo anadwala, sanalembe, koma pulogalamu yathu imakana malo opanda kanthu, ndiye wolowetsa malikisi anangoikapo 0. Ameneyu anayenera kuchotsedwa pa chiwerengero, chifukwa 0 wake sakuyeza masamu alionse. Pepala la 94 linali ndi 49 pamwamba, yolembedwa bwinobwino. Manambala anatembenuka powalowetsa, monga zimachitikira anthu akamalimbirana makina amodzi usiku. La 88 linali loona kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza. Mtsikanayo anaonetsa njira yonse, ndipo pafunso lina anadzera njira imene sindinaphunzitse m'kalasi. Amene anakhala naye pafupi anapeza m'ma 30. Akanaonera kwa yani?

Chimene ndikufuna anzanga mumve ndi ichi. Nditachotsa 0 uja ndi kukonza 94 kukhala 49, avereji inatsala pomwepo, pa 44. Poyamba malikisi onse pamodzi anali 1763, kugawa kwa ana 40. Nditakonza anakhala 1718, kugawa kwa 39. Cholakwa chimodzi chinkakokera kunsi, china kumwamba, ndipo zinafafanizana. Tikanadalira fomu yokha, palibe akanadziwa kuti mwana wodwala walembedwa kuti walephera, ndi kuti wina wapatsidwa malikisi 45 osakhala ake. Zonse ziwiri zinaoneka pachithunzi, pamene fomu inali chete.

Za mtsikana uja ndiwonjezerepo. Atakonzedwa malikisi, Q1 ndi Q3 sizinasunthe, ndiye 88 wake akadali kadontho mpaka pano, ndipo palibe vuto. Malire a 1.5 amagwira bwino malikisi akagawika mofanana mbali zonse ngati belu. Pamenepo amene amadutsa malire ndi pafupifupi 7 pa 1000 alionse. Koma malikisi akapendekera mbali imodzi, kumchirako kumatuluka timadontho kawirikawiri popanda aliyense kulakwa. Pahistogiramu 88 anali kumapeto kwa mchira wotsika mosadukiza, pafupi ndi anzake a m'ma 70. Yerekezani ndi 0 uja, amene anali ndi mpata wa gulu lathunthu pakati pake ndi ena onse. N'chifukwa chake sindiwerenga bokosi popanda histogiramu pambali pake. Bokosi linaika onse atatu mofanana, koma histogiramu inasonyeza amene wadukadi pagulu.

Lachisanu ndinapereka fomu, nditamangirirapo zithunzi zonse ziwiri ndi midiyani yolembedwa pamanja m'mbali. Mtsikanayo sanaitanidwe, ndipo zimenezo zinandikhazika mtima pansi. Koma maphunziro owonjezera anakanidwa ndithu, ati lamulo limaona avereji ndipo 44 yaposa 40. Ana 18 amene analembadi n'kulephera alipobe, ambiri a iwo m'ma 30, osowa malikisi ochepa okha kuti akhoze. Ndatenga mapepala awo kuti ndione mafunso amene anawagwetsa ambiri, ndipo ndiyamba nawo Lolemba nthawi yopuma masana, popeza pandandanda wa maphunziro sanapatsidwe malo.