Momwe ndinabwezera mabukumaki, mapasiwedi ndi matabu Firefox itatseguka yopanda kanthu

Firefox itamaliza kudzikonza kuti ikhale ya tsopano, inatseguka ngati ndangoyiika kumene pa laputopu: mabukumaki palibe, mapasiwedi palibe, matabu amene ndinasiya otsegula nawonso zii. Zikatere, kawirikawiri zinthu zimakhala zisanafufutike. Bulawuzayi imasunga zonse za munthu mu foda imodzi yotchedwa pulofayilo, ndipo nthawi zina imangotsegula pulofayilo yatsopano n'kuisiya yakale ili chikhalire pa disiki. Kuyambira pa Firefox 67 ya mu 2019, Firefox iliyonse yoikidwa pamalo akeake pa kompyuta imakhala ndi pulofayilo yakeyake, choncho ikangoikidwa mu foda ina imayamba ndi yopanda kanthu.

Ndisanayese chilichonse ndinatseka Firefox, n'kuyang'ana mu Task Manager ngati yatsekekadi. Kenako ndinadina Windows ndi R pamodzi n'kulemba izi:

```
%APPDATA%\Mozilla\Firefox\Profiles
```

Munali mafoda awiri a mayina oyamba ndi zilembo zosokonekera. Dzina silinandithandize kudziwa yakale. Chinandithandiza ndi kukula kwake ndi madeti. Ina inali yaing'ono ndipo zonse za m'kati mwake zinali za tsiku lomwelo, pamene inayo inali yonenepa, yokhala ndi mafayilo a miyezi yam'mbuyo. Yonenepayo ndinaikopera yonse pa fulashi. Apa musachite ulesi. Mukatsegula pulofayilo yakale musanaikope, Firefox imayamba kulemba zatsopano pamwamba pa mafayilo osunga matabu, pafupifupi masekondi 15 aliwonse, ndipo zimene mukufunazo zikhoza kupita muli pompo.

Njira yachidule ndi kulemba `about:profiles` pamalo olemba adiresi. Pamabwera mapulofayilo onse, ndipo pansi pa yakale pali batani la Launch profile in new browser. Ikatseguka zonse zili m'malo, mumadina Set as default profile, basi nkhani yatha. Ambiri amathera pomwepa. Yanga inkatseguka n'kuuma, windo osayankha, ndiye ndinasankha kusamutsa mafayilo ofunika okha kupita nawo ku pulofayilo yatsopano, n'kusiya chimene chinkaiumitsacho komweko.

Kwa amene anadina Refresh Firefox, pulofayilo yakale sikhala kumene ndatchulaku. Imakhala pa desikitopu mu foda ya Old Firefox Data, ndipo zonse zotsatirazi zimachitika chimodzimodzi.

Mabukumaki sanavute. Mu pulofayilo muli foda ya `bookmarkbackups`, mmene Firefox imasunga yokha makope a mabukumaki, mpaka 15, ndipo dzina la kope lililonse lili ndi deti komanso nambala yosonyeza kuchuluka kwa zimene zili m'katimo. Ndinasankha la deti lomaliza vutoli lisanachitike. Mu Firefox ndinadina Ctrl+Shift+O, kenako Import and Backup, Restore, Choose File, n'kuloza fayiloyo pa fulashi. Dziwani kuti Restore imachotsa mabukumaki onse amene alipo panthawiyo n'kuikapo a mu kopelo, siphatikiza. Kwa ine panalibe chotayika chifukwa pulofayilo yatsopano inali mbee. Amene akufunanso mbiri ya masamba amene anayendera akope `places.sqlite` m'malo mwake, chifukwa mabukumaki ndi mbiri zimakhalira limodzi mmenemo.

Mapasiwedi ndi pamene anthu amakhumudwa, chifukwa amakhala m'mafayilo awiri oyendera limodzi. Fayilo ya `logins.json` imasunga mayina ndi mapasiwedi atabisidwa moti munthu sangawawerenge, ndipo `key4.db` ndi imene imawamasula. Zili ngati sutikesi ndi kiyi wake: pulofayilo yatsopano ili ndi `key4.db` yakeyake, koma ndi kiyi wa loko wina. Mukakopa `logins.json` yokha, mndandanda wa mapasiwedi umabwera wopanda kanthu ngakhale fayiloyo ili pomwepo, ndipo munthu amaganiza kuti zonse zapita pamene wangosiya theka.

Ndinatsekanso Firefox. Mu pulofayilo yatsopano ndinasintha mayina a mafayilo awiriwo powonjezera `.old` kumapeto, kuti ndikhale ndi pobwerera, kenako n'kuikamo awiri ochokera pa fulashi. Nditatsegula n'kulemba `about:logins`, mndandanda wonse unali pamenepo. Ndinasankha pasiwedi ya imelo n'kudina kachizindikiro ka diso kuti ndione ngati ikuwerengeka, chifukwa kuwerengekako ndi umboni woti mafayilo awiriwo agwirizana. Ngati munaikapo kale Primary Password, pasiwedi yaikulu yotetezera mapasiwedi ena onse, Firefox idzakufunsani yakale yomweyo. Mukaiiwala imeneyo, kuichotsa kumatenga ndi mapasiwedi omwe, ndiye ikumbukireni kaye musanagwire china.

Matabu ndi amene anafuna kuleza mtima. Firefox ikatsekedwa bwinobwino imalemba matabu onse mu `sessionstore.jsonlz4`. Ikazima mwadzidzidzi fayiloyi sikhalapo, ndipo pamatsala zimene zili mu foda ya `sessionstore-backups`. Mmenemo ndinapeza `recovery.jsonlz4` ndi `recovery.baklz4`, zimene zimalembedwa bulawuza ikugwira ntchito, `previous.jsonlz4` ya ulendo wapitawo, komanso mafayilo oyamba ndi `upgrade.jsonlz4-` otsatiridwa ndi manambala. Omalizawa Firefox imawapanga ikangokwera kupita ku mtundu watsopano, ndipo amasunga matabu monga analili pa nthawiyo. Pa vuto langa amenewa ndiwo anali oyenera.

Mafayilo onsewa ndi opanikizidwa, moti mukawatsegula mu Notepad mumangoona zilembo zopanda mutu. Posankha ndinadaliranso kukula ndi deti. Wa `recovery` anali wamng'ono, kusonyeza kuti Firefox inali italembamo kale windo la tabu imodzi kapena ziwiri. Wa `upgrade` wa deti laposachedwa anali wamkulu kuwirikiza kambirimbiri, ndipo ndinatenga ameneyo.

Firefox ili yotseka, ndinachotsa `sessionstore.jsonlz4` ya mu pulofayilo yatsopano, n'kukopera fayilo ya `upgrade` ija m'malo mwake, osati mu `sessionstore-backups` koma panja pake, mu foda yaikulu ya pulofayilo. Kenako ndinaisintha dzina kukhala `sessionstore.jsonlz4`. Windows imakonda kubisa mathero a mayina a mafayilo, ndiye yambani mwachonga File name extensions pansi pa View mu File Explorer. Kupanda kutero mukhoza kulemba dzina looneka lolondola koma lili ndi mchira wina wobisika, Firefox n'kungolidutsa. Windows idzachenjeza kuti fayilo ikhoza kusiya kugwira ntchito, inu dinani Yes.

Nditatsegula, matabu sanabwere okha. Ndinapita pa History n'kudina Restore Previous Session, ndipo anandanda pamwamba onse, ngakhale kuti tsamba lililonse linkadikira kulidina kuti litseguke, zomwe zinandipulumutsira bandulo. Mawu a Restore Previous Session akapanda kuoneka kapena akakhala osadinika, ndiye kuti dzina lalakwika, kapena Firefox inali isanatsekeke pamene mumakopa. Tsekani, tengani fayilo ina pa fulashi muyesenso. N'chifukwa chake timakopa m'malo mosuntha.

Zina sizinabwerere. Matabu a mu Private Window sasungidwa pa disiki n'komwe, choncho palibe pokawafuna. Timapulogalamu towonjezera ndinatiikanso pamanja, kamodzikamodzi, poganizira kuti kena mwa ito kakhoza kukhala kamene kanaumitsa pulofayilo yakale. Masamba ambiri anandifunsa kulowanso chifukwa `cookies.sqlite` ndinaisiya dala, koma poti mapasiwedi anali atabwerera, ankangodzilemba okha.

Foda ya pa fulashi ndinaisunga mpaka nditakhutira kuti palibe chosowa, kenako ndinaifufuta. Muli `logins.json` ndi `key4.db` pamodzi, ndipo ngati panalibe Primary Password, aliyense wobwereka fulashiyo akhoza kuwakopera mu Firefox yake n'kuwerenga mapasiwedi anu onse monga ndinachitira ineyo.